Yankho Lomvera ndi Khutu: Mitengo ya Mtedza pa Boda ya Mchinji

 Pulogalamu ya lero ikufotokoza momwe yankho liyenera kukonzedwera ngati wolilandira alimva ndi khutu, osaliona ndi maso. Mayankho otere ndi aja amene munthu amamva akaimba foni n'kupeza mawu ojambulidwa kale, amene makina amawerenga kuchokera pa zolembedwa, komanso amene muulutsi amawerenga pa wailesi poyankha funso la womvera. Mfundo ya pulogalamuyi ndi imodzi, ndipo ibwerezedwa kangapo: yankho la pa pepala siliwerengedwa mokweza mmene lilili. Limayamba laphwasulidwa, kenako n'kumangidwanso kuti likwane m'khutu.

Mayankho a mawu si achilendo m'dziko muno. Ntchito ya 3-2-1, imene idayambira ku Madagascar mu 2010 ndipo idafika ku Malawi kudzera ku kampani ya Airtel, imalola munthu kuimba foni ndi kumvetsera mauthenga a zaumoyo ndi zaulimi m'Chichewa, akusankha mutu podina mabatani. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe bungwe la VillageReach lidayambitsa ku Balaka mu 2011, chimayankha mafunso a zaumoyo pa foni. Ku Mchinji komweko kuli wailesi ya Mudzi Wathu. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, choncho kwa anthu ambiri yankho la mawu ndilo lokhalo limene lingawafike.

Choyamba kufotokozedwa ndi kusiyana kwa diso ndi khutu. Kenako pabwera chitsanzo cha tebulo la mitengo, ndipo ndi pamenepo pamene pulogalamuyi ikhalitse. Pambuyo pake pabwera zizindikiro, mindandanda yaitali, ndi kayesedwe ka yankho likakonzedwa.

Diso limasankha lokha koyambira. Munthu akaona tebulo la mitengo pakhoma, sawerenga lonse. Amapeza dzina la mbewu yake, n'kutsata mzere mpaka pa msika umene akufuna, ndipo akaiwala amabwerera. Khutu lilibe ufulu umenewo. Limalandira mawu mmene akubwerera, limodzi pambuyo pa linzake, ndipo mawu amene adutsa atha. Katswiri wa maganizo a anthu, George Miller, adalemba mu 1956 kuti munthu amasunga m'mutu zinthu pafupifupi zisanu ndi ziwiri pa nthawi imodzi. Mu 2001 katswiri wina, Nelson Cowan, adaonetsa kuti chiwerengerocho chili pafupi ndi zinayi zokha. Zinayizo n'za munthu wodekha. Mayi amene waima pa boda, malole akulira, maso ali pa matumba ake, foni ikudukaduka, sangasunge ngakhale zinayi bwinobwino.

Tsopano chitsanzo chija. Boda ya Mchinji ndi Mwami idasanduka ya poima pamodzi pa 7 Disembala 2022, pamene atsogoleri a Malawi ndi Zambia pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, adatsegulira nyumba zake zatsopano. Amalonda ang'onoang'ono amadutsapo tsiku ndi tsiku, ndipo funso limene limabwera kawirikawiri ndi la mitengo. Tiyerekeze kuti gulu la alimi lili ndi tebulo la mitengo ya sabata ino. M'mizere yopingasa muli mbewu zinayi: mtedza, soya, nyemba ndi mpendadzuwa. M'mizere yotsika muli misika itatu: Kamwendo, Mchinji boma ndi Chipata. Zonse pamodzi ndi mitengo 12. Mitengo imene itchulidwe pano ndi yongoyerekeza pofuna kuphunzitsa, si ya pa msika lero.

Makina akapatsidwa tebulo lotere amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amawerenga mitu yonse poyamba, kenako manambala motsatizana, ndipo pofika pa nambala yachisanu womvera sakudziwanso kuti ndi ya mbewu iti, ya msika uti. Ena amawerenganso ngakhale timizere togawa madanga, n'kumatchula mayina a timizereto m'Chingerezi pakati pa mitengo. Muulutsi wamoyo amene sadakonzekere amagweranso mumsampha womwewo, amangosiyana ndi makina poti iye sawerenga timizere. Chifukwa chake n'chakuti m'tebulo, tanthauzo la nambala limabwera ndi malo amene yakhala. Nambala ikachotsedwa pa malo ake n'kulowa m'mawu, tanthauzolo limatsala papepala.

Njira yokonzera imayamba ndi funso lakuti: woimbayu akufuna kusankha chiyani? Mayi wa ku Mkanda amene ali ndi matumba atatu a mtedza sakufuna mitengo 12. Akufuna kudziwa koti akagulitse. Choncho chinthu choyamba ndi kumufunsa mbewu yake. Akangoyankha kuti mtedza, mitengo isanu ndi inayi yachoka, kwatsala itatu.

Chachiwiri ndi kunena mapeto a nkhani poyamba, manambala pambuyo. Yankho lokonzedwa bwino lingamveke motere: "Sabata ino mtedza wosenda ukugulidwa pa mtengo wokwera ku Chipata, koma kusiyana kwake ndi Mchinji boma n'kochepa. Ku Mchinji boma, kilogalamu imodzi ndi 2,000 kwacha ya Malawi. Ku Kamwendo ndi wotsikirapo ndi 200 kwacha. Ku Chipata, kilogalamu imodzi ndi 30 kwacha ya Zambia, imene pa mtengo wa ku banki ikukwana pafupifupi 2,100 kwacha ya Malawi. Mitengoyi ndi ya Lachiwiri lapitali."

Muli zinthu zingapo m'yankho limeneli zoyenera kuziona bwino. Chiganizo choyamba chilibe nambala ngakhale imodzi, koma chayankha kale funso. Foni itaduka pamenepo, mayi uja wamva chimene amafuna: ku Chipata n'kokwera, koma pang'ono chabe, mwina posakwana ndalama ya mayendedwe. Pa chiganizo chilichonse chotsatira, dzina la msika labwera patsogolo pa mtengo. Ichi n'chofunika kwambiri. Womvera akamva dzina la msika umene akuufuna amatchera khutu, ndipo nambala imamupeza ali wokonzeka. Nambala ikatsogola, dzina n'kubwera pambuyo, amazindikira mochedwa kuti imeneyo inali yake, itadutsa kale. Mtengo wa ku Kamwendo sudatchulidwe wathunthu, wanenedwa mwa kusiyana kwake ndi wa ku boma, chifukwa munthu woyerekeza misika amafuna kusiyanako, ndipo sayenera kuchotsera yekha m'mutu. Mawu akuti wosenda sadasiyidwe, poti mtedza wamakoko uli ndi mtengo wina. Tsiku la mitengo latchulidwa, chifukwa mawu ojambulidwa amamveka atsopano nthawi zonse, ngakhale atakhala mwezi.

Omvera angadzifunse pano: pa yankho lija, ndi mawu ati amene atsala m'mutu? Ambiri apeza kuti chatsala ndi chiganizo choyamba ndi nambala imodzi kapena ziwiri. Ndi mmene khutu limagwirira ntchito, ndipo n'chifukwa chake chofunika koposa chimaikidwa poyamba. Kubwereza mfundo ija: tebulo siliwerengedwa. Wokonza yankho amafunsa kaye, amanena mapeto, kenako amapereka manambala ochepa, iliyonse ili ndi dzina lake patsogolo.

Tsopano nkhani ya zizindikiro, imene pa boda ya Mchinji ili ndi vuto lakelake. Mayiko onse awiri amatcha ndalama zawo kwacha, ndipo onse amakonda kulemba chilembo K patsogolo pa nambala. Papepala, wowerenga amazindikira ndalama yake poona mutu wa danga, kapena zilembo MWK ndi ZMW. M'mawu zimenezi palibe. Kwacha imodzi ya Zambia imakwana makwacha a Malawi makumi angapo, makamaka kuyambira mu Januwale 2013 pamene Zambia idachotsa maziro atatu pa ndalama yake. Munthu akangomva kuti mtedza ndi 30 kwacha ku Chipata ndi 2,000 kwacha ku Mchinji, akhoza kuganiza kuti ku Chipata kulibe msika, pamene zoona zake n'zosiyana. Lamulo lake n'losavuta koma lotopetsa: dzina la dziko litchulidwe pa mtengo uliwonse, ngakhale zimveke zobwerezabwereza. Ndipo ndalama ikasinthidwa, yankho linene kuti mtengo wosinthira ndi wa ku banki, chifukwa osintha ndalama a m'mbali mwa msewu amakhala ndi wawo.

Kamzere kopendekeka kotsatiridwa ndi zilembo kg kayenera kusanduka mawu akuti pa kilogalamu imodzi. Apanso pamafunika kusamala, poti ambiri sagulitsa pa sikelo. Kuno amayeza ndi ndowa kapena thumba la makilogalamu 50, kutsidya ku Zambia kuli muyezo wotchedwa meda. Yankho lisasakanize miyezo. Lisankhe umodzi n'kuutchula poyera. Kamzere kapakati pa manambala awiri, kotanthauza kuyambira apa mpaka apo, makina ena amakawerenga ngati kuchotsera, ena amakadumpha n'kulumikiza manambala awiriwo. Kalembedwe ndi mawu: kuyambira, mpaka. Chizindikiro cha peresenti nachonso chimamveka bwino chikasanduka chiwerengero cha anthu kapena zinthu. Omvera akumbukira kuti zotsatira za kalembera zija zidanenedwa kuti mmodzi mwa atatu alionse. Nambala yeniyeni ili ndi kadontho ndi manambala ena pambuyo pake, koma khutu silikadaigwira.

Nthawi nayo imanenedwa mosiyana mbali ziwirizi, ngakhale wotchi ndi imodzi. Ku Zambia anthu adazolowera kuwerenga maola mpaka 24, ndipo amati fotini awazi. Ku Malawi nthawi yomweyo ndi 2 koloko masana. Yankho lopita kwa womvera wa ku Mchinji linene koloko ndi gawo la tsiku: m'mawa, masana, madzulo kapena usiku. Tsiku lolembedwa ndi manambala okhaokha ndi loopsa kwambiri, chifukwa makina ambiri adapangidwa motsata kalembedwe ka ku America, kamene kamatsogoza mwezi. Tsiku limene boda idatsegulidwa, likalembedwa 7, 12, 2022, makina otere angaliwerenge ngati 12 Julaye. Dzina la mwezi lilembedwe lonse.

Pali chizindikiro china chaching'ono chimene chimawonongetsa anthu ndalama: kanyenyezi kolozera ku mawu a pansi pa tsamba. Papepala, diso limaona kanyenyeziko n'kutsikira pansi kukawerenga chenjezo. M'mawu, chenjezolo limabwera kumapeto, munthu atadula kale foni, kapena silibwera n'komwe. Ngati mtengo wa ku Chipata uli ndi kanyenyezi kakuti mbewu imafuna chilolezo isanatuluke m'dziko, chenjezolo liyenera kukwera n'kukhala m'chiganizo chimodzi ndi mtengowo, kapena patsogolo pake. Yankho limene limasangalatsa munthu ndi mtengo n'kubisa chilolezo kumapeto lamunamiza, ngakhale mawu ake onse ali oona.

Katchulidwe ka manambala enieniwo kafunikanso chisankho. M'Chichewa, manambala opitirira zisanu amamangidwa powonjezera, ndipo 800 ndi mazana asanu ndi atatu. Pa foni yosamveka bwino, wina angamve mazana asanu, n'kuganiza kuti atatuwo ndi owonjezera pamwamba. Ku msika anthu amatchula ndalama ndi mawu obwereka, eyiti handiredi, thu sauzande, ndipo yankho la mitengo litsate chizolowezi chimenechi. Zinthu zochepa, monga matumba atatu kapena masiku awiri, zimamveka bwino m'Chichewa chenicheni. Mawu obwerekawo nawo ali ndi msampha: fifitini ndi fifite amafanana kwambiri pa foni. Pamene kulakwa kungaluzitse munthu, nambala ibwerezedwe imodzi imodzi, faifi kenako ziro. Nambala ya foni, imene kuno ili ndi manambala khumi, iwerengedwe m'magulu a atatu kapena anayi, ndi kupuma pakati, ndipo inenedwe kawiri.

Opanga makina ali ndi chida chothandiza pa zimenezi, chotchedwa SSML, chimene bungwe la W3C lidakhazikitsa mu 2004. Chimalola wolemba kuuza makina poti apume, mawu oti anene m'malo mwa chidule, ndi nambala yoti aiwerenge imodzi imodzi. Koma makina ambiri owerenga mokweza adaphunzitsidwa Chingerezi ndi zilankhulo zina zazikulu, ndipo akakumana ndi nambala pakati pa chiganizo cha Chichewa sizidziwika kuti achita chiyani. Njira yodalirika ndi kulemba chilichonse m'mawu athunthu, ndendende mmene chiyenera kumvekera, makina asanachilandire. Ngati ntchitoyo imagwiritsa mawu a munthu ojambulidwa, wojambulayo apatsidwenso pepala lolembedwa motero, kuti asaganizire yekha ali pa maikolofoni.

Tsopano mindandanda yaitali. Chitsanzo chake chenicheni pa boda iyi ndi ndondomeko ya COMESA yophweketsa malonda ang'onoang'ono, imene Malawi ndi Zambia adayamba kuigwiritsa ntchito mu 2010. Pansi pa ndondomekoyi, wamalonda salipira msonkho wolowetsera katundu ngati katunduyo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa adagwirizana, ndipo mtengo wake sudapitirire malire oikika. Mndandandawo ndi wautali, ndipo katundu aliyense ali ndi nambala yake ya kasitomu. Kuuwerenga wonse pa foni n'kutaya nthawi. Womvera amadikira dzina limodzi lokha, ndipo akasokonezedwa pang'ono sadziwa ngati lidadutsa kapena mulibe.

Mankhwala ake ndi kutembenuza funso. M'malo monena zonse zimene zilimo, yankho lifunse chimene munthuyo wanyamula, n'kuyankha kuti chilimo kapena mulibe. Ngati foniyo imangomva mabatani, katundu agawidwe m'magulu atatu kapena anayi, monga mbewu, zakudya zopangidwa ku fakitale, ndi katundu wina, kenako gulu lililonse ligawidwenso. Pa sitepe iliyonse, dzina libwere poyamba, batani pambuyo: "Za mbewu, dinani 1." Chifukwa chake ndi chomwe chija cha dzina la msika. Pakhalenso batani limodzi losasintha lobwerezera uthenga, ndi lina lolumikiza munthu ndi wogwira ntchito wamoyo. Kugawa nakonso kuli ndi malire. Masitepe akapitirira atatu kapena anayi, woimba amasochera, ndipo ngati akulipira yekha mayunitsi amadula asanafike.

Pali mndandanda wina umene sungadulidwe, wa zochita zotsatizana. Umenewu umayamba ndi kunena kuchuluka kwake. Mwachitsanzo: "Pali zinthu zitatu zofunika. Choyamba, katundu wanu akhale pa mndandanda wa mayiko awiriwa. Chachiwiri, mtengo wake usapitirire malire oikika. Chachitatu, mudzaze fomu yachidule ya kasitomu pa boda. Dziwaninso kuti msonkho wolowetsera wokha ndi umene umachotsedwa. Misonkho ina ndi zilolezo za mbewu zimafunikabe." Womvera atauzidwa kuti zilipo zitatu amawerenga m'mutu, ndipo akaphonya chimodzi amadziwa. Malire a mtengo aja amawerengedwa m'madola a ku America ndipo akhala akukwezedwa pa zaka zapitazi, choncho yankho lotchula nambalayo linene kuti ndi madola, linene tsiku limene idatsimikiziridwa, ndipo liloze munthu ku ofesi ya Malawi Revenue Authority pa boda pomwepo.

Ziliponso zinthu zimene mawu sangazinyamule ngakhale atakonzedwa bwanji. Nambala yaitali ya lisiti yosakaniza zilembo ndi manambala, nambala ya kasitomu ya katundu, kapena tebulo lonse kwa mlembi wa kalabu amene akufuna kuyerekeza mbewu zonse zinayi, zimenezi n'zofunika kuzisunga ndi kuzionanso. Pamenepo yankho la mawu linene mwachidule, kenako litumize zotsalazo pa meseji. Ngakhale amene sadziwa kuwerenga amapindula, chifukwa mesejiyo angaionetse kwa mwana wake kapena kwa wogwira ntchito pa boda. Kukakamiza zonse kuti zilowe m'mawu n'kulakwa kofanana ndi kuwerenga tebulo.

Gawo lomaliza ndi kayesedwe. Yankho siliyesedwa poliwerenga ndi maso, chifukwa wolilemba amaona zimene womvera sadzaziona. Liwerengedwe mokweza kamodzi kokha kwa munthu amene sadalionepo, makamaka wa mtundu womwewo wa amene adzaimbe foni, ndiponso pa malo aphokoso ngati pa depoti. Kenako afunsidwe mafunso awiri: wamva chiyani, ndipo achita chiyani? Akabwereza nambala molondola koma osadziwa kuti ndi ya msika uti, ndiye kuti dzina lidabwera mochedwa. Akafunsa kuti kwacha ya kuti, dzina la dziko lidasowa. Akakumbukira zoyamba ndi zomaliza zokha, mndandanda watalika. Akanena kuti apita ku Chipata osatchulako chilolezo, chenjezo lidaikidwa kutali.

Pa ntchito za pa foni, makina enieniwo amasunga umboni. Amaonetsa pamene anthu ambiri amadulira foni, ndi uthenga umene amaudinira batani lobwereza kawirikawiri. Pamene ambiri akudula ndi pamene yankho latalika kapena lasokoneza. Uthenga wobwerezedwa kwambiri nthawi zambiri umakhala ndi manambala oposa awiri m'chiganizo chimodzi, ndipo umakonzeka pougawa m'ziganizo zazifupi, chilichonse ndi nambala yake imodzi. Omvera amene amaimba ntchito zoterezi angayese okha ulendo wotsatira: foni ikatha, anene mokweza zimene amva, aone ngati dzina la msika, mtengo, mtundu wa kwacha ndi tsiku zonse zatsala m'mutu, ndipo chimene chasowacho akauze amene amakonza uthengawo.